Uchi wachedwa pa Nakonde: kasitomala wa ku Germany ndimulembere bwanji?

"Anzanga, ndimagulitsa uchi wa ku Mwinilunga kwa mayi wina wa kampani ya ku Hamburg. Katundu wachedwa pa Nakonde. Ndinamulembera imelo yaulemu, moni wonse ndi kupepesa kwambiri, koma wangoyankha mzere umodzi wofunsa tsiku lofika. Kodi wakwiya? Ndimuyankhe bwanji?"

Amayi, mtima ukhale m'malo. Mzere umodziwo sukusonyeza mkwiyo. Ine ndimagwira ntchito yotumiza katundu kunja muno mu Lusaka, ndipo mayankho otero ochokera ku Germany ndimawaona kawirikawiri. Mayiyo wafunafuna tsiku m'kalata yanu, sanalipeze, ndiye wafunsa.

Kwathu kuno munthu akafuna kunena nkhani yoipa amayamba ndi moni, kufunsa za kunyumba, kenako n'kuyandikira nkhaniyo pang'onopang'ono. Kutero ndiye ulemu wathu. Amalonda ambiri a ku Germany ulemu amauika pena: pa mmene mwatchulira dzina la munthu, ndi pa kumuuza zoona msanga kuti akonze mapulani ake. Choncho kalata yanu ikhale yolemekeza kwambiri pa dzina, koma yolunjika pa nkhani. Ziwirizi kwa iwo sizitsutsana.

Pa dzina, lembani `Dear Ms` kenako dzina lake la mtundu, osati loyamba. Ngati pansi pa maimelo ake pali `Dr.`, lembani `Dear Dr` chifukwa kumeneko udindo umenewu sauponya pambali. Za "mama" kapena "sisi" zisiyeni, ndipo `Dear Madam` sikuyeneranso kwa munthu amene dzina lake mukulidziwa. Tsiku limene iye adzayambe kukutchulani dzina loyamba n'kusaina ndi lake loyamba lokha, inunso mutha kumasuka. Asanatero, musamutsogolere.

Mukatha moniwo, chiganizo choyamba chinene kuti katundu wachedwa ndi tsiku latsopano. Tiyerekeze kuti munagwirizana kuti migolo ya uchi ikwera sitima ku Dar es Salaam pa 12 Meyi. Muuzeni kuti sitima imeneyo yakusiyani, ndipo katundu akwera ya pa 26 Meyi. Chifukwa chake chibwere pambuyo, mwachidule komanso choona: lole inaima pa Nakonde podikira mapepala, tsopano yawoloka kupita ku Tunduma. Kenako nenani zimene mwachita kale, monga kusungitsa malo m'sitima yotsatira, ndi tsiku limene mudzamutumizire mapepala a katundu. Pepesani kamodzi kokha. Kupepesa katatu popanda tsiku kumamuchititsa kuganiza kuti pali china chimene mukubisa. Mutseke ndi `Kind regards`, dzina lanu lonse ndi la kampani yanu.

Pa tsikuli ndikupempheni musamale kwambiri, chifukwa ndi pamene ambiri a ife timagwera. Timanena kuti "posachedwapa" kapena "mlungu wamawa" pofuna kumukhazika munthu mtima pansi, pomwe sitikudziwa. Iye tsiku limene mwatchula amalitenga ngati lonjezo, n'kupita kukauza masitolo amene akudikira uchiwo. Musanalembe, imbirani ejenti wanu akuuzeni tsiku la sitima ndi lofika ku Hamburg. Ngati nayenso sakudziwa, lembani momwemo: tsiku lenileni simunalilandire, koma mudzamuuza Lachinayi nthawi isanakwane 15:00. Lachinayilo likafika mulembeni ndithu, ngakhale nkhani ikhale yoti mukudikirabe. Za nthawi musavutike: kuchokera kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala wotchi yathu ndi yawo zimafanana, miyezi yotsalayo iwo amatsalira ndi ola limodzi.

Mwezi muulembe ndi zilembo, osati manambala okhaokha. Akakuyankhani kuti `KW 23`, akutanthauza sabata ya 23 ya chaka, kumayambiriro kwa Juni. Pa ndalama, iwo akalemba `1.500,00` ndiye kuti 1,500, choncho tchulani bwino kuchuluka kwake ndi mtundu wa ndalama.

Kuti mudziwe ngati wakhumudwadi, musayang'ane kufupika kwa imelo. Yang'anani ngati wayamba kuika abwana ake pa `CC`, kutchula zimene munasainirana mu kontirakiti, kapena kukupatsani tsiku lomaliza. Zikatero, mupempheni nthawi yoti mulankhulane pa foni, ndipo mukatha mumulembere zonse mwagwirizanazo.

Kalembedwe aka musakatengere kwa wogula aliyense. Wa ku Japan, mwachitsanzo, amayembekeza mawu oyamba othokoza ndi kupepesa kozama musanafike pa tsiku. Ngakhale a ku Germany omwewo safanana onse. Musanatumize, werenganinso maimelo akale a mayiyo muone kutalika kwake, moni wake ndi mmene amatsekera, ndipo yanu ifanane nawo.