Ngongole ya usipa: yankho kwa mayi wa ku Makawa

"Achimwene, ndili ndi K500,000. Ndikufuna kukongola K1,500,000 kuti ndipikule usipa wambiri ndikagulitse ku Limbe. Chiwongoladzanja ndi 20 peresenti pamwezi. Nditenge?"

Achemwali, tiyeni tiwerengetsere. Katundu wanu akhala wa K2,000,000, ndipo mwezi ukatha mwini ndalama akufuna K1,800,000. Msika ukakoma n'kupindula 30 peresenti, mugwira K2,600,000, mubweza ngongole, mutsala ndi K800,000. Popanda ngongole mukanatsala ndi K650,000 basi. Anthu ambiri amasiyira pomwepa kuwerengetsera.

Nanga mukafika ku Limbe n'kupeza usipa wa ku Nkhotakota ndi ku Salima wadzaza msika, mtengo n'kutsika ndi 20 peresenti? Mugwira K1,600,000. Mpamba wanu wonse wapita, ndipo mukadali ndi ngongole ya K200,000. Mnzanu amene sanakongole akubwerera kwawo ndi K400,000, wokhumudwa inde, koma mawa ali kudoko. Chifukwa chake n'chakuti mtengo wa usipa umakwera n'kutsika, koma ngongole sitsika nawo. Kuluza konse kwa katundu wa K2,000,000 kumagwera pa kandalama kanu kaja. Ndipo kuti mungobweza mpamba wanu, osadyapo kanthu, mufunika kupindula 15 peresenti, thiransipoti tisanaiwerengere.

Azakhali anga anachita geni imeneyi zaka zambiri ndi ndalama zawozawo, ndipo anamanga nyumba ya malata. Chaka china anakongola kwa wakatapila kuti adzaze lole. Mvula inagwa masiku otsatizana usipa uli pathandala, unayamba kununkha, wina kufumbutuka m'matumba. Ndimakumbukirabe ali chikhalire pamkeka, akusankha wabwino mmodzimmodzi, ntchentche zili ng'waa. Wotsalawo anagulitsa kwa oweta nkhuku. Wakatapila za mvula sanafune kumva. Anatenga makina osokera, kenaka njinga ya amuna awo. Banjalo linagwedezeka, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndinene mosapsatira: amene amati "ndalama imabereka ndalama" nthawi zambiri ndi okongozawo. Iwo phindu lawo n'lolembedwa kale, kaya kunyanja kwachita mwera asodzi osalowa, kaya lole yafera pa Liwonde. Ngakhale ku banki m'khonde, kumene timati n'kwa abale, tsiku lobweza likakwana amayi anzanu omwewo amabwera kudzanyamula ziwiya.

Tsono nditenge kapena ayi?

Ayi, osati pa chiwongoladzanja chimenechi, komanso osati katatu kuposa mpamba wanu. Ngongole ndi yoopsa ngati katundu ndi woonongeka msanga, ngati tsiku lobweza lifika musanagulitse, komanso ngati chikole ndi nyumba kapena munda. Mukafunitsitsa, kongolani ndalama imene mungabweze kuchokera kwina, monga malipiro kapena lendi, usipa wonse utawola. Apo ayi, pitani ku Limbe ndi K500,000 yanuyo maulendo angapo, muone kaye ngati 15 peresenti imatuluka ulendo uliwonse.