Pa chozimitsira moto muziwerenga zilembo, makamaka F

"Ndatsegula kalesitilanti. Kukhitchini kuli chokazingira chamagetsi cholowa malita 15 a mafuta, m'kanjira kolowera muli bokosi la maswichi, ndipo kuseri kuli jenereta ya petulo. Wogulitsa akuti ndingogula chozimitsira moto chimodzi cha ufa cholembedwa ABC, chithana ndi zonse. N'zoona zimenezi?"

Achemwali, wogulitsayo wanena zoona pa malo awiri, koma pa malo oopsa kwambiri, amene ndi kukhitchini, wakusocheretsani. Zilembo zimene zili pa botolopo zimanena mtundu wa moto umene chozimitsiracho chinayesedwa nawo. A ndi zinthu zolimba monga nkhuni, mapepala ndi nsalu. B ndi zamadzimadzi zoyaka monga petulo, dizilo ndi palafini. C ndi gasi. Mafuta ophikira ali ndi chilembo chawochawo, F, ndipo pa botolo la ABC palibe F. Mukapeza botolo lotsata malamulo a ku America, chilembo cha mafuta ophikira chimakhala K, ndipo C amatanthauza moto wa zipangizo zamagetsi, osati gasi. Choncho muziyang'ananso tizithunzi tojambulidwa pambali pa zilembozo.

Mafuta ophikira anawapatula chifukwa cha kutentha kwake. Petulo amayaka ngakhale ali wozizira, bola pakhale kamoto, ndiye mukazimitsa lawi ndipo palibe china chomuyatsa, nkhani yatha. Mafuta ophikira amayaka okha akatentha kupitirira madigiri 340 kapena cha pomwepo, popanda machesi. Ufa uja umatha kuzimitsa lawi kwa kanthawi, koma suziziritsa. Malita 15 a mafuta amakhalabe otentha chimodzimodzi, ndipo mpweya ukangowapeza amayakanso, pamene botolo lanu latha kale. Komanso ufa umatuluka mwamphamvu moti ukhoza kukhavulira mafuta oyaka pakhoma ndi pa inu. Chozimitsira cha mpweya wa CO2 chili ndi vuto lomweli. Madzi ndiye musayerekeze n'komwe. Amamira pansi pa mafuta, n'kuwira nthawi yomweyo, ndipo akasanduka nthunzi amakula pafupifupi ka 1,700, n'kuponya mafuta oyaka mpaka kudenga. Wantchito aliyense watsopano mumuuze zimenezi tsiku loyamba, chifukwa munthu akadzidzimuka dzanja limathamangira ku ndowa.

Chofunika kukhitchini ndi chozimitsira cha mankhwala amadzimadzi cholembedwa F. Pa mabotolo otsata malamulo a ku Britain, chimakhala chofiira chokhala ndi lamba wachikasu, ndipo nthawi zambiri chili ndi kapaipi kakatali. Muli mchere wa potaziyamu wosungunulidwa m'madzi. Mankhwalawa amatuluka pang'onopang'ono ngati nkhungu, ndipo akakhudzana ndi mafuta otentha amasanduka thovu lokhuthala la sopo lomwe limatseka pamwamba, kwinaku akuziziritsa mafutawo. Nambala imene ili kutsogolo kwa F ndi malita a mafuta amene anachiyesera, monga 25F, 40F kapena 75F. Pa malita anu 15 musatsike pansi pa 25F. Ineyo ndingasankhe 40F kapena kuposa, chifukwa amene amayesa aja ndi akatswiri, pamene wophika wanu adzakhala akunjenjemera ndipo ena mwa mankhwalawo adzatayikira pambali. Ngati mukuganiza zodzawonjezera chokazingira chachiwiri, ingogulani cha malita 6 a mankhwala, chomwe kawirikawiri chimakhala 75F.

Tiyerekeze kuti kachipangizo kochepetsa kutentha m'chokazingira kafa. Chizindikiro choyamba ndi utsi wambiri wonunkha moyabwa kummero, mafuta asanayake. Apo zimitsani magetsi, mwina simudzafunikanso botolo. Ngati lawi latuluka, choyamba ndi kuzimitsabe magetsi pa swichi, ndiye onetsetsani lero lomwe kuti swichiyo ili pamalo poti mungafike osadutsitsa mkono pamwamba pa moto. Wina aimbire ozimitsa moto ndi kutulutsa anthu. Inu zulani kapini, imani mtunda umene walembedwa pa botolo, nthawi zambiri ngati mita imodzi, khomo lili kumbuyo kwanu. Thirani mozungulira pamwamba pa mafuta, kapaipi kasalowe m'mafutamo. Lawi likazima musasiye, tsirizani botolo lonse kuti thovu likhuthale. Kenako chokazingiracho chisiyeni pomwepo mpaka chizizire, osachinyamula kapena kuvundula thovulo. Kwa poto wamng'ono wa pasitovu, chivundikiro chachitsulo kapena bulangeti lozimitsira moto n'zokwanira, bola muzimitse sitovu ndipo musavundukule mphindi 30 zisanathe. Chokazingira cha malita 15 n'chachikulu kuposa zimene mabulangeti ambiri anapangidwira.

Pa bokosi la maswichi ikani cha CO2, cha lamba wakuda, cha makilogalamu 2. Mpweyawu sudutsa magetsi ndipo susiya zinyalala. Ufa nawonso sudutsa magetsi, ungazimitse ndithu, koma umalowa paliponse, ndipo ukakumana ndi chinyezi umadya mawaya ndi zitsulo, mwakuti zipangizo zimene moto sunazifike zimadzawonongeka pambuyo pake. M'kanjira kopanikizika ufawo umachititsanso kuti anthu asaone khomo ndipo amatsamwa. Dziwani kuti botolo la makilogalamu 2 limatha m'masekondi 8 mpaka 10 okha, ndipo lipenga lotulutsira mpweya limazizira koopsa moti likhoza kuvulaza chikhatho, ndiye musaligwire pokhapokha litalembedwa kuti ndi lotetezedwa. Mukamaliza tulukani m'kanjiramo, chifukwa mpweyawu ukachuluka pamalo otsekeka umakomola. Apanso mankhwala enieni ndi kudula magetsi, popeza waya amene akupitiriza kutentha amayatsanso pulasitiki.

Kuseri kwa jenereta ndiye kwawo kwa botolo la ufa lija, la lamba wabuluu, la makilogalamu 6. Botolo la thovu, la lamba wooneka ngati mkaka, ndi labwino pa petulo amene wadikha malo amodzi, koma pa petulo amene akudontha kapena kuyenderera kuchokera m'thanki silitha kuphimba bwino, komanso muli madzi pamene jenereta ili ndi magetsi. Ufa umathana ndi zonse ziwiri, ndipo panja fumbi lake silivutitsa kwambiri. CO2 panja imangouluzika ndi mphepo. Imani kumene mphepo ikuchokera, lozani patsinde pa moto osati pa malawi, ndipo sesani uku ndi uku kuyambira mbali imene ili pafupi nanu. Mukatero dikirani pomwepo muli tcheru, chifukwa paipi yotulutsira utsi ikakhala idakali yotentha ikhoza kuyatsanso nthunzi ya petulo. Moto wambiri wa jenereta umayamba munthu akamathira petulo injini ili yotentha, ndiye aziyamba aizimitsa n'kuisiya izizire.

Botolo lililonse lipachikeni panjira yotulukira, osati pafupi penipeni ndi chinthu chimene chingayake, chifukwa moto ukabuka simudzalifikira. Kamodzi pamwezi onani kuti singano ya pa geji ili pa mtundu wobiriwira, kapini kali m'malo, ndipo paipi sinang'ambike. Cha CO2 chilibe geji, amachidziwa pochiika pa sikelo n'kuyerekeza ndi kulemera kumene kunalembedwa pa botolo. Kamodzi pachaka aziona mmisiri wodziwa ntchitoyi. Botolo limene lafinyidwa ngakhale pang'ono lipite akalidzazenso, chifukwa ufa wotsalira pa valavu umachititsa kuti mphamvu yake izituluka pang'onopang'ono mpaka kutheratu.