Foni yafika yomatula kale, koma wogulitsa akuti ndi yatsopano

"Ndinagula iPhone pa intaneti, analemba kuti ndi yatsopano. Yafika dzulo bokosi lili lomatula kale, ndipo polowetsa chaja pali tifumbi. Wogulitsa akuti mwina ndi onyamula katundu anatsegula. Sindinaiyatse. Nditani kuti andibwezere ndalama zanga?"

Mwachita bwino kusaiyatsa, ndipo muisiye choncho kaye. Musalowetse simu kapena akaunti yanu. Mukangotero, zizindikiro za mwini wake woyamba zisakanikirana ndi zanu, ndipo wogulitsa apeza pothawira.

Ndikuuzeni mosabisa: bokosi lomatula palokha si umboni wamphamvu. Yankho lomwe wakupatsanilo n'lovuta kulitsutsa, chifukwa n'zoonadi kuti maphukusi ena amatsegulidwa m'njira, makamaka akamadutsa malire a mayiko. Woweruza dandaulo lanu sanaliko, ndiye amangoona mawu anu ndi mawu ake. Chomwe chingakupambanitseni ndi umboni wokhala ndi tsiku, wosonyeza kuti foniyo inagwira ntchito inu musanailandire. Wonyamula katundu atha kung'amba pepala, koma sangabweze kalendala m'mbuyo.

Poyambira ndi pabokosi pomwepo. Kumbuyo kwake kuli nambala ziwiri, `Serial No.` ndi `IMEI`. Lembani yoyambayo pa `checkcoverage.apple.com`. Foni yomwe sinayatsidwepo imaonetsa kuti sinayambe kugwira ntchito. Ikaonetsa tsiku lothera chitsimikizo cha kampani, muwerengere chobwerera, poti chitsimikizocho chimakhala cha chaka chimodzi. Tiyerekeze kuti munalipira pa 3 Malichi, yafika pa 12 Malichi, koma tsambalo likuti chitsimikizo chitha mu Novembala chaka chomwechi. Ndiye kuti chinayamba Novembala wapitayo, miyezi inayi musanagule. Jambulani tsambalo, tsiku la lero likuoneka. Ena amayankha kuti anangoiyatsa poiyesa asanatumize. Chabwino, koma miyezi inayi yachitsimikizo yomwe mwalipira yapita, ndipo sanalembe zimenezo potsatsa.

Samalani ndi chinthu chimodzi: bokosi litha kukhala la foni ina. Pa ma iPhone ambiri `IMEI` inalembedwanso pa kachitsulo kolowetsera simu, choncho mutha kuyerekeza osayatsa. Zikasiyana, umenewo ndi umboni waukulu kale.

Ngati zimenezi sizikukwana ndipo mukufunika kuiyatsa, wina azikujambulani vidiyo yosadukiza, kuyambira pa nambala ya pabokosi. Pitani ku `Settings > General > About`, muone `Model Number`. Chilembo choyamba chikakhala `M` ndiye inatuluka ngati yatsopano, `F` ndi yokonzedwanso, `N` ndi yomwe munthu anapatsidwa m'malo mwa yowonongeka. Kuyambira pa iPhone 15, pa `Settings > Battery > Battery Health` foni imaonetsanso `Cycle Count`, kuchuluka kwa maulendo omwe batire yadzaza n'kutha, pamodzi ndi mwezi womwe inayamba kugwira ntchito. Maulendo awiri kapena atatu musakangane nawo. Koma 80 sangachokere kufakitale.

Tifumbi tija tijambuleni pafupi, powala bwino, koma tikhale umboni wongowonjezera. Sungani phukusi lakunja ndi chipepala cha adilesi. Ngati lakunjalo linafika losang'ambika, lopanda tepi ina yomatanso, bodza la onyamula katundu lafera pomwepo. Ambiri amataya phukusili tsiku loyamba, ine ndinatayapo, ndipo ndinanong'oneza bondo. Lero lomwe jambulaninso tsamba lotsatsa pomwe pali mawu akuti `New`, chifukwa wogulitsa atha kulisintha usiku uno.

Polemba dandaulo, sankhani chifukwa chonena kuti katundu sakufanana ndi zomwe analemba, kawirikawiri `Item not as described`. Mukasankha chosonyeza kuti mwangosintha maganizo, mtengo wobwezera umagwera inu, ndipo mwinanso amadulako ndalama ponena kuti mwatsegula ndinu. Mawu akhale ochepa: analemba chiyani, inafika liti, tsamba la kampani likuonetsa tsiku liti, ndipo mukufuna ndalama zonse. Zoti ndi wakuba zisiyeni, masikuwo anena okha.

Zokambirana zonse zichitikire pamalo pomwe munagulira. Akakuitanirani kumbali, kapena akayamba "dikirani ndifunse abwana", dziwani kuti nthawi yodandaulira ikutha. Onani tsiku lomaliza, mutsegule dandaulo ngakhale mukukambiranabe. Akakunyengererani ndi kandalama kochepa kuti mukhale nayo, kumbukirani kuti mukavomera nkhani imatsekedwa.

Zikakanika kumeneko ndipo munalipira ndi khadi, pitani kubanki yanu ndi umboni womwewu. Malire ake nthawi zambiri ndi masiku 120, ndipo adzafuna kuona kuti munayesa kaye kukambirana ndi wogulitsa. Pobweza foniyo, jambulani `IMEI` mukuiika m'bokosi, mutumize m'njira yokhala ndi nambala yolondolera komanso yosainira polandira, kuopa kuti angadzanene kuti mwabweza foni ina.