Kodi wangophonya kapena lamulo sakulidziwa?

Funso lasabata ino lachokera kwa mphunzitsi wina ku Zomba: "Zikomo aphunzitsi anzanga. Ndimaphunzitsa Chichewa namwino wochokera kunja yemwe wakhala kuno miyezi isanu ndi itatu. Ndikachonga zimangirizo zake, tsamba limafiira lonse. Ndingadziwe bwanji pamene dzanja langomuphonyetsa ndi pamene sakudziwadi lamulo, kuti ndisamataye nthawi kubwereza zomwe akudziwa kale?"

Zikomo kwambiri aphunzitsi. Cholembera chofiira chija yambani mwachiika pambali, chifukwa yankho simungalipeze pa chiganizo chimodzi. Mawu olakwika akakhala paokha sanena kanthu za chomwe chawabala. Muyenera kuwaika pafupi ndi malo ena onse amene wophunzirayo anafunika kugwiritsa ntchito lamulo lomwelo, kuphatikizapo malo amene anakhoza. Ambiri tikamachonga timawerenga zolakwika zokha, zokhoza n'kuzidumpha, pomwe theka la umboni lili mu zokhozazo.

Amene anatchukitsa kusiyanitsa kumeneku ndi S. Pit Corder wa ku yunivesite ya Edinburgh, mu 1967. Mfundo yake inali yakuti wophunzira chiyankhulo sangolankhula mwachisawawa ayi, ali ndi malamulo akeake m'mutu amene amawatsata mokhulupirika ngakhale akusiyana ndi a eni chiyankhulo. Cholakwika chochokera m'malamulo amenewa chimabwerezeka ndipo mwini wake sachiona. Kuphonya wamba, kobwera ndi kutopa, kufulumira kapena maganizo kuthamangira ku mawu otsatira, kumachitikira aliyense, ngakhale inu ndi ine, ndipo munthu akabwerera pa tsambalo amadziseka yekha n'kukonza.

Sonkhanitsani zolemba zitatu kapena zinayi zimene analemba masiku osiyana pa mitu yosiyana, zonse pamodzi zifike mawu 500 kapena kuposerapo. Zikhale zolemba yekha, osati zokopera pabolodi kapena zokonzedwa ndi mnzake wa kuntchito. Kenaka sankhani lamulo limodzi lokha. Kwa munthu wa miyezi isanu ndi itatu ndingayambe ndi mgwirizano wa dzina ndi mawu olifotokoza, chifukwa ndi pamene alendo ambiri amapunthwa.

Tiyerekeze kuti mwatero, ndipo mwapeza malo 62 amene dzina likutsatiridwa ndi mawu ofunika kugwirizana nalo, monga wanga, yathu, chatsopano, loyamba. Pa malo 48 wakhoza, pa malo 14 walakwa. Ndiye kuti wakhoza 77 pa 100 aliwonse. Nambala imeneyi ndi yonyenga. Ikupereka chithunzi cha munthu amene mgwirizano akuudziwa pang'ono paliponse, wongofunika kulimbikira basi. Tsopano gawani malo aja potsata magulu a mayina, gulu lililonse mzere wake, ndipo mulembe mawu enieniwo monga momwe anawalembera.

Mukatero mwina mupeza izi. M'magulu ena onse pamodzi muli malo 48 ndipo wakhoza 45, kutanthauza 94 pa 100. Koma pa mayina a chinthu chimodzi a gulu la Li-Ma pali malo 14, wakhozapo atatu okha. Zolakwikazo ndi "buku yanga", "khasu yake", "tsiku yoyamba", "gulu yathu", "funso yovuta" ndi zina zonga zomwezo. Onani kuti sanalembepo "buku changa" kapena "khasu wake". Nthawi zonse akutenga y. Munthu wophonya amaphonyera uku ndi uku, koma wolakwa mofanana chonchi akutsata lamulo, ndipo lamulo lake tingathe kulinena: dzina likakhala lopanda mphatikiram'mbuyo wooneka ngati mu, chi kapena ka, lipatseni y monga nyumba ndi mbale. Si lamulo lopusa. Li wa gululi sawoneka pa mayina ambiri, choncho mlendo akayang'ana buku ndi mbuzi saona chomwe chikuwalekanitsa.

Nanga malo atatu amene anakhoza aja? Ayang'aneni bwino musanakondwe. Ngati onse ali "dzina langa", si umboni wakuti l akumudziwa. Mawu amenewa anawaloweza sabata yoyamba pamodzi ndi moni, ndipo amawatulutsa ngati liwu limodzi. Achotseni pa chiwerengero, muona kuti wakhoza 0 pa malo 11. Mawu oloweza otere, monga "tsiku labwino" kapena "chaka chatha", ndi amene amasokoneza kawerengedwe kwambiri, chifukwa amachititsa cholakwika chokhazikika kuoneka ngati chongobwera mwa apo ndi apo.

Tibwerere ku zolakwika zitatu za m'magulu ena zija. Choyamba ndi "chipatala yaikulu", pomwe malo ena 12 a gulu la Chi-Zi wakhoza onse, ndipo mzere wapamwamba pake pali "nyumba yaikulu". Apa dzanja langobwereza zomwe linali litangolemba. Chachiwiri ndi "ana wanga", chakumapeto kwa chimangirizo chachitali, pamene zilembo nazo zayamba kupendama, chonsecho "ana anga" walemba bwino kangapo koyambirira. Ziwirizi ndi kuphonya. Chachitatu ndi "galu yathu". Chaoneka kamodzi kokha, ndipo n'chapafupi kuchiponya mulu umodzi ndi zinzakezo. Koma galu nayenso alibe mphatikiram'mbuyo wooneka, ndipo walandira y yemwe uja. Ndi lamulo lomwe lija lawolokera ku gulu lina, kungoti mitu imene munamupatsa sinamufunse zambiri za agalu, amphaka kapena fodya. Kuoneka kamodzi sikutsimikiza kuti ndi kuphonya. Funso ndi lakuti, kamodzi pa mipata ingati? Kamodzi pa 13 ndi kuphonya, kamodzi pa mpata umodzi simunadziwebe kanthu. Ine mipata ikachepera isanu sindigamula.

Mungafunse kuti malire ali pati. Roger Brown wa ku Harvard, pofufuza momwe ana atatu ankaphunzirira kulankhula Chingerezi, mu 1973 anaika muyeso wakuti mwana wagwira lamulo ngati wakhoza 90 pa 100 ya malo ofunika, m'zitsanzo zitatu zotsatizana. Ofufuza za akuluakulu ophunzira chiyankhulo chachiwiri anabwereka muyesowu. Ndi wothandiza, koma musaupembedze. Pa malo 10 okha, kuphonya kumodzi kumakutsitsani kufika pa 90, kuwiri pa 80, ndiye chiweruzo chonse chikudalira liwu limodzi.

Pepala likakuuzani zake, kafunseni mwini wake, ndipo kafunsidwe kali ndi ndondomeko. Padutse masiku awiri kapena atatu kuti aiwale zomwe ankafuna kunena n'kuona zomwe analembadi. Mupatseni tsamba losachonga awerenge mokweza. Zimene akonze yekha apa, nthawi zina pakamwa pokha osazindikira n'komwe kuti papepala palembedwa zina, ndi kuphonya kosakayikitsa. Zotsalazo ikani kadontho m'mphepete mwa mzere osaloza liwu. Zikakanikabe, tsekani mzere kunsi kwa liwulo. Lembani kuti chilichonse wachikonza pa sitepe iti. "Chipatala yaikulu" chidzagwa pa sitepe yoyamba. "Buku yanga" adzachiwerenga mosadodoma, ndipo mukachitseka mzere adzakuyang'anani modabwa, kapena adzasintha zina zosalakwika, monga kuika "yathu" m'malo mwa "yanga".

Pali msampha apa. Mzere wanuwo ndi yankho kale, chifukwa wamuuza kuti pali vuto, ndipo zilembo zoti asankhepo ndi zochepa. Wochenjera adzayesa wanga, changa, langa, akuyang'ana nkhope yanu mpaka muoneke kuti mwavomera. Choncho tsekaninso mizere kunsi kwa mawu ena olondola, mumuuziretu kuti ena ndi abwinobwino, ndipo akakonza mufunseni kuti watero chifukwa chiyani. Sakufunika kutchula dzina la gulu. Akangonena kuti "chifukwa ambiri ndi mabuku", ndiye kuti akudziwa.

Mudzakumananso ndi zapakatikati, zomwe sizilowa bwino mbali iliyonse. Wophunzira amakonza msanga mukamulozera, lamulo amalifotokoza bwino, koma akamalemba mothamanga amalakwabe pafupifupi theka la malo. Corder yemweyo anaona kuti ili ndi gawo lakelake la kuphunzira, pamene lamulo lalowa m'mutu koma silinazolowereke. Munthu wotere kumufotokozeranso lamulo n'kumutopetsa chabe. Akufunika kulemba ndi kulankhula mayinawo kawirikawiri, ndiponso chizolowezi chobwerera pa tsamba lake kukayang'ana chinthu chimodzi chokhacho asanapereke.

Kwa namwino wathu wongoyerekezayu, phunziro lofunika ndi limodzi, osati 14. Muphunzitseni kuyesa dzina ndi kuchulukitsa kwake. Buku ndi mabuku, khasu ndi makasu, tsiku ndi masiku, dzira ndi mazira, zonsezi zimatenga l. Nyumba ndi mbale sizisintha pochulukitsa, ndiye zimatenga y. Galu ndi agalu, ndiye w. Muchenjezeni za mayina oyamba ndi u monga uta ndi mauta, omwe amatenga w, komanso obwereka ena monga sukulu, amene timati masukulu koma sukulu yathu. Ndipo mawu amene eni akefe timasiyana, monga galimoto yanga ndi galimoto langa, musawawerengere ngati zolakwika. Chimodzimodzi kalembedwe ka yaikulu ndi yayikulu, imeneyo ndi nkhani ina, osati ya mgwirizano.

Pakatha masabata awiri mudzawerengenso, koma samalani. Kawirikawiri wophunzira akagwira l amamumwaza paliponse, mpaka "nyumba langa" ndi "mbale lake". Mukawerenga gulu la Li-Ma lokha mudzapeza 10 pa 10 n'kuganiza kuti ntchito yatha. Teresa Pica mu 1983 anakonza kawerengedweka motere: malo amene wakhoza muwagawe ndi malo ofunika ophatikiza ndi malo amene waika chinthucho posafunika. Ngati l wamuika molakwika pa malo 6, ndiye 10 kugawa ndi 16, pafupifupi 63 pa 100. Musakhumudwe poona kuti "nyumba yanga" yomwe ankakhoza kale yasokonekera. Lamulo lakale lasweka, latsopano silinapeze malire ake, ndipo phunziro lotsatira likhale loika buku ndi nyumba pamodzi m'chiganizo chimodzi.

Chinanso chimene chiwerengero sichionetsa ndi kuzemba. Jacquelyn Schachter mu 1974 anapeza kuti ophunzira Chingerezi ochokera ku China ndi Japan ankalakwa pang'ono pa mtundu wina wa ziganizo kuyerekeza ndi olankhula Chiarabu ndi Chiperezi, koma chifukwa chake chinali chakuti ziganizozo ankazilemba mwa apo ndi apo. Wanuyo akhozanso kutero, n'kumalemba "ndili ndi buku" pothawa "buku langa". Mukaona kuti zolakwika zatsika koma mipata nayo yatsika kuchoka pa 14 kufika pa 3, mupatseni chithunzi chokhala ndi dengu, khasu, phiri, tsamba, galu ndi mbuzi, alembe ziganizo ziwiri pa chilichonse, chimodzi chonena mwini wake, china chonena kukula kwake.