Kulemba za amayi akamwalira

"Amayi anamwalira miyezi inayi yapitayi, ndikati ndilembe za iwo zimangotuluka ngati ulaliki wa pamaliro. Nditani?"

Pepani achemwali. Lembani kanthu kamodzi kakang'ono, musiye zoti "ali pa mpumulo", amenewo ndi mawu a abusa, si anu. Ine atate atapita ndinalemba za njinga yawo yokha, ija ankapita nayo ku Saturday Market kuno ku Chipata, inangokhala pakhonde matayala ataphwa, aliyense kuopa kuigwira. Sindinawonjezere zotonthoza ayi, ndinalekera pomwepo. Ngati muli ndi mkwiyo, kaya ndi achibale okanganira katundu maliro asanathe, lembani momwemo, pepala silikudzudzulani. Koma mukaona kuti tulo palibe, kudya kukukanikani, kapena mukuganiza zodzipweteka, pitani kuchipatala msanga mukaonane ndi aphungu.