Chipinda cha amayi ku Santhe: tigule zochuluka bwanji?

"Alamu, chipinda cha amayi chija afolera dzulo. Bilida akuti nditumize ndalama ya matumba 10 a simenti ya pulasitala, makatoni 14 a matailosi ndi mabigiri awiri a penti. Chipindacho ndi mamita 4 kwa 3.5. Kodi zimenezi n'zoona, kapena ndikudyeredwa?"

Eya alamu, ndamva. Pepani ndayankha ndi mawu, kulemba zonsezi pafoni zala zingatope. Tengani pepala ndi cholembera tiwerengere limodzi, ndipo musatumize kaye ndalamayo mpaka titamaliza.

Tiyambe ndi makoma, chifukwa nambala yake ndi yomwe itipatse simenti ndi penti yemwe. Kuzungulira chipinda chonse ndi 4 kuphatikiza 3.5, kuphatikizanso 4 ndi 3.5, akwana mamita 15. Kutalika kwa khoma simunandiuze, koma momwe ndinaonera tsiku lija tinapitako ndi achimwene, ndi pafupifupi mamita 2.7 kufika pomwe padzakhale siling'i. Muuze mwana wina akapime ndi tepi, osati ndi maso. Ndiye 15 kuchulukitsa ndi 2.7 tipeza masikweya mita 40.5. Pamenepo tichotsepo chitseko, chomwe chimakhala 0.9 kwa 2.1, ndi zenera lija la 1.2 kwa 1.2. Ziwirizo zikudya masikweya mita atatu ndi kakusefukira pang'ono. Tatsala ndi 37. Nambala imeneyo ilembeni ndi kuizunguliza.

Tsopano pulasitala. Apa mpomwe anthu amasiyana kwambiri, ndipo si nthawi zonse kuti wina akuba. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, lija lolembedwa 32.5, mukalisakaniza ndi mawilibala atatu a mchenga osadzaza mpaka kutumphuka, limamata masikweya mita ngati 10, ngati pulasitalayo ndi wochindikala mamilimita 15, kunenepa kwa chala chanu cha mkombaphala. Masikweya mita 37 ndiye kuti matumba anayi osakwana bwino. Koma matope a pulasitala amagwa pansi poponya kukhoma, ena amaumira m'wilibala nthawi ya nsima, enanso amapita m'mphepete mwa zenera ndi chitseko momwe sitinawerenge muja. Choncho pa pulasitala ine ndimaonjezera magawo 15 pa 100 alionse. Zikutifikitsa pa matumba anayi ndi kachidutswa, ndipo poti simenti sagulitsa yotapa, tinene asanu. Mchenga mawilibala 15.

Koma imani kaye, chifukwa zonsezi zikudalira khomalo. Njerwa zowotcha za kwathu kuno sizifanana, zina zimatuluka m'chikombole zonenepa, zina zimapindika pamoto. Ngati womanga sanakoke bwino chingwe, khoma limakhala ndi mimba pena, dzenje pena. Wopulasitala amayenera kudzaza maenje onsewo kuti khoma liongoke, ndiye malo a mamilimita 15 amapezeka akumata 20. Pa 20, thumba limodzi limangofika masikweya mita 7 ndi theka, ndipo chipinda chomwecho chidya matumba 6, mchenga mawilibala 18. Njira yodziwira ndi yosavuta. Atenge thabwa lowongoka la mamita awiri, aligoneke pakhoma malo angapo, choimirira ndi chopingasa, akujambuleni. Ngati pansi pa thabwalo mukulowa chala chonse momasuka, werengerani 6. Ngati thabwa likugona bwino, asanu akwana.

Ndiye 10 aja achokera kuti? Mumufunse mwaulemu, mwina akuwerengera ndi kunja komwe, kapena akufuna kuthira kaye simenti yosalaza pansi asanaike matailosi. Ngati ndi choncho ndiye nambala yake ikumveka ndithu. Koma ngati ndi makoma a m'kati okha, 10 achuluka. Ndipo simenti musagule yonse kamodzi. Sisowa, ndi pa boma pomwe ilipo, fakitale ya Shayona ili m'boma lathu lomweli. Gulani anayi, ayambe, muone afika pati, otsalawo mugule mutaona. Thumba likakhala pansi pachinyontho limagwira mibulu, ndipo mbulu ukakana kufumbutuka ndi zala, simentiyo yatha mphamvu. Aziika pamatabwa, osatsamiritsa kukhoma.

Mchenganso muuyang'ane. Anyamata a ngolo aja nthawi zina amatapa wa kudambo wosakanizika ndi dothi. Finyani wonyowa m'manja, mukatambasula n'kupeza wagwirana ndipo chikhatho chada ndi matope, umenewo udzang'alula pulasitala. Asefenso, ndipo dziwani kuti kusefa kumachotsako, ndiye pogula pitirirani pang'ono pa mawilibala aja.

Tibwere ku matailosi, ndipo apa mundimvetsere bwino chifukwa ndi pomwe kulakwitsa kumapweteka. Pansi ndi 4 kuchulukitsa ndi 3.5, masikweya mita 14. Ambiri amangopita kusitolo n'kunena kuti ndipatseni a 14. Ayi. Ine ndimakonda kuwerenga mizere. Munati mwakonda a masentimita 40 kwa 40 aja. Mbali ya mamita 4 mulowa matailosi 10. Mbali ya 3.5 mulowa 8 athunthu, ndipo wachi 9 adulidwa. Ndiye 10 kuchulukitsa ndi 9, matailosi 90 oti mugwire m'manja, ngakhale ena adulidwe. Pamwamba pake tionjezere 10 pa 100 alionse, chifukwa ena amasweka podula, ena mumawapeza atabenthuka kale m'katoni atagwedezeka pamsewu wafumbi uja wolowera kumudzi, komanso pakhomo pamafunika tizidutswa. Tafika 99.

Pali chinthu chimene anthu amaiwala, sikating'i, kamzere ka matailosi kozungulira m'munsi mwa khoma kaja. Mamita 15 aja kuchotsapo chitseko atsala 14.1. Chidutswa chilichonse ndi chotalika masentimita 40, ndiye pakufunika zidutswa 36. Tailosi imodzi pa pepala imatulutsa zidutswa zinayi za masentimita 10, koma pa ntchito werengerani zitatu, chifukwa chodulira chimadyako ndipo china chimathyoka. Amenewo ndi matailosi 12 ena. Onse pamodzi 111. Makatoni ambiri a saizi imeneyi mumakhala matailosi 12, koma muwerenge pakatonipo chifukwa mafakitale amasiyana. Ngati ndi 12, makatoni 9 akupatsani 108, aperewera, ndiye gulani 10. Mutsala ndi 9 kapena kuposerapo, poti mmisiri wosamala atenganso zotsala za mzere wodulidwa uja n'kuikako ku sikating'i. Otsalawo musawaone ngati ndalama yotayika, asungeni pansi pa bedi. Tsiku lina mphika kapena mpando ukadzaswa imodzi, mtundu umenewo simudzaupezanso m'sitolo.

N'chifukwa chake matailosi, mosiyana ndi simenti, mugule onse tsiku limodzi, sitolo imodzi. Pambali pa katoni pamakhala nambala ya gulu lomwe anawotchera limodzi, pena amalembapo Shade kapena Batch. Makatoni onse 10 nambalayo ifanane. Ikasiyana, m'sitolo simuona kanthu, koma akayalidwa dzuwa n'kulowa pazenera, mudzaona chigamba chotuwirako pakati pa chipinda, ndipo pamenepo palibe chokonza. Tsegulaninso katoni iliyonse musanakweze galimoto.

Mwina makatoni 14 aja awatchula poti akufuna kuyala mopingasa, mwa dayamondi muja, komabe ngakhale pamenepo kutayika kumangokwera kufika 15 pa 100, ndiye 11 akwana. Mwinanso akuganiza za matailosi a 60 kwa 60, omwe m'katoni mumangokhala anayi. Amenewo pansi pokha pafunika 7 kwa 6, ndiwo 42, ndipo mukaonjezera osweka ndi sikating'i mufikadi pa makatoni 13 kapena 14. Ndiye mumufunse kuti akuwerengera saizi iti, mwina simunamvane pamenepo basi.

Chinanso, chipinda chathu chingakhale chosakhala sikweya. Akoke tepi kuchokera pakona kufika pakona yopenyana nayo, mbali zonse ziwiri. Pa 4 kwa 3.5 zikuyenera kukhala pafupifupi mamita 5.3 konsekonse. Zikasiyana ndi masentimita opitirira atatu kapena anayi, mzere wa kukhoma udzadulidwa mosongoka ndipo zotsala zake sizigwiranso ntchito. Pamenepo katoni ya 11 ndi yofunika. Simenti yomatira matailosi ija ya makilogalamu 20 imayala masikweya mita anayi kapena asanu ngati pansi pali posalala, ndiye matumba anayi. Pansi pakakhala pa mabampu idya yambiri, bola asalaze kaye ndi simenti wamba yomwe ndi yotsika mtengo.

Penti ndiye wosavuta. Pachitini chilichonse amalemba kuti lita imodzi imapaka masikweya mita angati. Penti wamadzi wa m'nyumba tiwerengere 8 pa lita, kupaka kamodzi. Khoma ndi 37, kupaka kawiri ndi 74. Siling'i ndi 14, kawiri 28. Pamodzi 102, kugawa ndi 8 tipeza malita 13 osakwana, kuonjezerapo kotsalira mu rola ndi kodontha, 14. Ngati khoma ndi siling'i ndi mtundu umodzi, zitini zitatu za malita 5 zakwana, kapena bigiri imodzi ya 20 ngati mtengo wake ukuyandikana, wotsalayo apake pakhonde. Mabigiri awiri ndi malita 40, amenewo ndi a zipinda zitatu.

Koma nambala ya 8 ija imagwira ngati mwayamba ndi pulayima wa pulasitala. Pulasitala watsopano amamwa penti ngati nthaka ya mu Okutobala ikalandira mvula yoyamba. Mukapaka penti wabwino mwachindunji, malita 10 angathere pa ulendo woyamba wokha. Pulayima malita 5 akwanira makoma amenewa ngati asalazidwa bwino. Ndipo asathamange. Sabata yoyamba azithirira pulasitalayo madzi m'mawa ndi madzulo, kenako aume milungu inayi, nthawi ya mvula kupitirira apo. Pofuna kudziwa, amate kapepala ka pulasitiki pakhoma ndi selotepi mbali zonse, kagone usiku. M'mawa mukapeza thukuta m'kati mwake, khoma silinaume, ndipo penti wopakidwa pamenepo adzatuwa ndi kusupuka. Muwauzenso opentawo kuti madzi othira mu penti asapitirire omwe alembedwa pachitini, chifukwa akasungunula kwambiri mudzapaka kanayi pulasitala akuonekerabe mthunzi.

Ndiye lero tumizani ya matumba anayi okha ndi mchenga. Mwanayo akapima kutalika, makona aja ndi thabwa lija, aponye zithunzi muno m'gulu, ndipo bilidayo mundipatse ndilankhule naye ndekha madzulo ano za saizi ya matailosi.