Kukonza mawu a pa telepulomputa kuti alamu awerenge momasuka

Funso la achemwali pagulu la banja: "Achimwene, bambo a kunyumba asankhidwa kuti ajambule vidiyo ya mphindi zitatu ya gulu lathu la maliro kuno ku Rosettenville. Tabwereka telepulomputa ya tabuleti, chipangizo chija choonetsa mawu pagalasi kutsogolo kwa kamera kuti munthu aziwerenga akuyang'ana kamera, mawu ndataipa masamba awiri, koma akayamba kuwerenga akuthamanga, maso akuyendayenda, mpweya ukuwathera. Ndiwakonze bwanji mawuwa?"

Yankho la pa uthenga wa mawu:

Zikomo achemwali, ndamva. Musanakhudze tabuletiyo, yambani ndi kutalika kwa mawuwo, chifukwa masamba awiri odzaza sangakwane mu mphindi zitatu, ndipo munthu wamantha akazindikira kuti mawu ndi ambiri nthawi ndi yochepa, amathamanga. Kuntchito kwathu timawerengera kuti wolankhula Chingerezi amatchula mawu pafupifupi 150 pa mphindi, koma muyeso umenewo musaugwiritse ntchito pa Chichewa, popeza mawu athu ndi ataliatali. "Tikukudziwitsaninso" ndi liwu limodzi papepala, koma pakamwa limatenga nthawi ya mawu angapo. Chitani chonchi: werengani mawu 100 oyambirira n'kuika chizindikiro, kenaka alamu awawerenge mokweza, modekha, inu mukuyang'ana nthawi pafoni. Tiyerekeze kuti atenga mphindi imodzi. Ndiye kuti vidiyo yonse ikufuna mawu 300, ndipo ine ndikanachotsaponso 30 kuti pakhale malo opumira. Zotsalazo, monga mayina a komiti yonse ndi manambala a akaunti, zilembedwe mu uthenga wotumiza limodzi ndi vidiyoyo, chifukwa palibe amene amaloweza nambala ya akaunti poimva kamodzi.

Tsopano chachikulu ndi ichi: zimene mwataipazo mwalembera maso, pamene pa telepulomputa timalembera pakamwa ndi mpweya wa munthu. Nditenge chiganizo chonga chimene alembi a magulu athu amakonda kulemba: "Komiti yaikulu ikufuna kudziwitsa mamembala onse kuti malinga ndi zimene zinagwirizanidwa pa msonkhano wa pa 14/09, chopereka cha mwezi ndi mwezi chakwera kuchoka pa R150 kufika pa R200, ndipo onse amene ali ndi ngongole akuyenera kumaliza kulipira pasanafike pa 30/11." Mukalata chiganizochi chilibe vuto. Pamaso pa kamera, munthu akafika pa "chakwera" mpweya watha kale, nkhani yeniyeni yabisala pakati, ndipo pa 14/09 aima kaye kuti aganize kuti mwezi wa 9 ndi uti.

Mmene ndingachidulire ndi motere, ndipo kachidutswa kalikonse kakhale pa mzere wakewake. Mzere woyamba: "Abale ndi alongo,". Wachiwiri: "chopereka cha pamwezi chakwera." Kenaka musiye mzere umodzi wopanda kanthu. Ukatero ubwere mzere wakuti "Tinkapereka wani fifite.", pansi pake "Tsopano tizipereka thu handiredi." Mzere wina wopanda kanthu. Kenaka "Tinagwirizana zimenezi", pansi pake "pa msonkhano wa mu Seputembala." Mzere winanso wopanda kanthu, ndipo pomaliza "Ngati muli ndi ngongole,", "chonde mumalize kulipira", "Novembala asanathe." Mukuona kuti nkhani ya kukwera yabwera poyamba, "mamembala onse" asanduka anthu amene akulankhulidwa mwachindunji, ndipo palibe chiganizo chimene chikupitirira mpweya umodzi. Mzere wopanda kanthuwo ndi wofunika kwambiri: pamene ukudutsa pagalasi, maso alibe chowerenga, choncho munthu amapuma yekha popanda womuuza. Kadontho kapena kampumiro kakang'ono munthu wamantha amangokadumpha, koma mpata waukulu sangaudumphe.

Podula mizere, musasiye timawu tolumikiza tili lende kumapeto. Mzere usathere pa "cha", "wa", "ndi", "pa" kapena "kuti". Mukalemba "chopereka cha" pamwamba ndi "pamwezi" pansi, alamu adzaima pa "cha" mawu ali m'mwamba, ndipo aliyense woonera adzadziwa kuti akuwerenga. Timawu totere tiziyamba mzere wotsatira pamodzi ndi mawu amene tikuwalumikiza.

Za manambala ndabwereza dala mmene timatchulira pocheza. Afunseni alamu kuti R150 amaitchula bwanji akamalankhula ndi anzawo, ndipo mulembe zimenezo ndi zilembo, ngakhale zioneke zachilendo papepala, chifukwa palibe wina adzaziona. Chizindikiro cha R chimalembedwa kutsogolo koma chimatchulidwa kumapeto, ndiye chimapunthwitsa lilime. Chimodzimodzinso mayina a malo a kuno ovuta kutchula, monga Ekurhuleni: muwagawe ndi timizere, E-ku-rhu-le-ni, kapena ngati malowo ali ndi dzina lina limene alamu alizolowera, mugwiritse ntchito limenelo. Mawu achidule monga "mwach." kapena zilembo zoimira udindo muwalembe onse athunthu.

Nkhani ya maso oyendayenda ili ndi zifukwa ziwiri, ndipo zonse ziwiri si za mantha. Choyamba n'chakuti mizere ndi yotambalala kwambiri. Mawu akadzaza galasi kuchokera kumanzere mpaka kumanja, diso liyenera kuyenda ulendo wonsewo n'kubwerera, ndipo kamera imaona. Mu pulogalamu ya pa tabuletiyo fufuzani pamene alemba Margins, muchepetse m'mbali zonse ziwiri mpaka mawu atsale pakati, mzere uliwonse ukhale ndi mawu atatu kapena anayi a Chichewa. Chachiwiri n'chakuti alamu akhala pafupi kwambiri. Akakhala pa mita imodzi, mzere womwewo umafuna kuti diso litembenuke pafupifupi kawiri kuposa akakhala pa mamita awiri. Abwerere m'mbuyo mpaka mamita awiri kapena kupitirira pang'ono, wojambula awakokere pafupi ndi kamera, ndipo inu mukulitse zilembo mpaka aziwerenga osatsinzinira. Ndikudziwa kuti zipinda zathu za lendi kuno n'zopanikiza, koma ngakhale kuika kamera pakhomo, iwo n'kukhala kukhoma la kutsogolo, kumathandiza. Kuti mudziwe ngati zatheka, jambulani masekondi 20, poonera vidiyoyo mutsitse voliyumu yonse, muyang'ane maso okha. Ngati akuoneka akusesa uku ndi uku, chepetsaninso m'mbali.

Pali dongosolo limene muyenera kulitsata apa, chifukwa ambiri amalitembenuza. Yambani mwakhazikitsa mtunda, kukula kwa zilembo ndi m'mbali, kenaka ndiye mudule mizere. Mukadula mizere poyamba n'kudzakulitsa zilembo pambuyo pake, pulogalamu idzapinda yokha mizere imene yatalika, liwu limodzi lidzagwera pansi palokha, ndipo ntchito yanu yonse yodula motsatira mpweya idzasokonekera. Mukaona liwu limodzi lokha lili pamzere pamene simunafune, dziwani kuti mzere wa pamwamba pake watalika, muufupikitse.

Zilembo zikhale zosakongoletsa, monga Arial, zoyera pa sikirini yakuda; sikirini yoyera imawalitsa galasi ndipo imatopetsa maso. Ena amalemba zonse ndi zilembo zazikulu poganiza kuti zioneka bwino, koma ine sindivomereza, makamaka pa Chichewa, chifukwa liwu lalitali la zilembo zazikulu zokhazokha limaoneka ngati njerwa, ndipo diso silizindikira msanga pamene chiganizo chayambira. Zilembo zazikulu muzisungire liwu limodzi lofunika kulitsindika, monga ASANATHE mu chitsanzo chija, ndipo musapitirire limodzi pa ndime, apo ayi alamu adzakhala ngati akukalipa. Malangizo amene si owerenga, monga "pumani" kapena "mwetulirani", akhale pa mzere wawo, a mtundu wina ngati wachikasu, ndipo akhale ochepa kwambiri, chifukwa munthu wamantha akhoza kuwawerenga mokweza. Pa nkhani ya maliro, mwina amodzi okha poyamba, pa moni, akwanira.

Posamutsa mawu kuchoka mu Word, mapulogalamu ambiri a telepulomputa amataya zokongoletsa, choncho ndi bwino kusunga fayilo ngati .txt, ndipo ikakufunsani mtundu wake musankhe UTF-8. Mukapanda kutero, chilembo cha ŵ chija cha mu dzina la Malaŵi, ndi kachizindikiro ka mu "ng'ombe" kapena "m'nyumba", nthawi zina zimasanduka timabokosi kapena zilembo zosamveka. Mukasamutsa muwerenge zonse pa tabuleti pomwepo, ndipo mitundu muiike muli mu pulogalamuyo. Ngati tabuleti yagona pansi pa galasi, muyatse Mirror, apo ayi mawu adzaoneka chagada pagalasipo.

Pagalasi pamakhala kamuvi kapena kamzere kosonyeza mzere wowerenga. Kameneko mukaike molunjika ndi diso la kamera limene lili kuseri kwa galasi, ndipo alamu awerenge mzere umene uli pamenepo basi. Akamawerenga m'munsi, pavidiyo adzaoneka ngati akuyang'ana pansi mwamanyazi. Ngati amavala magalasi aja owerengera m'munsi mwake, akhoza kukweza chibwano kuti aone. Zikatero avale oonera patali, inu mukulitse zilembo.

Ponena za liwiro, musaike mawu kuti aziyenda okha pa liwiro limodzi, chifukwa n'zimene zikuwathamangitsa: akaona mzere ukukwera kuthawa, amauthamangira. Inuyo mugwire kachipangizo koyendetsera, ndipo muziwatsatira iwo, akafulumira mufulumire, akaima muime. Muwauze zimenezi momveka musanayambe, kuti mawuwo sadzawasiya. Mapulogalamu ena amayendetsa mawu pomvera liwu la wolankhula, koma amamva bwino Chingerezi ndi zilankhulo zina zazikulu, choncho pa Chichewa musawadalire.

Mawu onsewo muwagawe m'zigawo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chilichonse cha masekondi pafupifupi 30, ndipo pakati pa zigawo pakhale mizere itatu yopanda kanthu ndi nambala yachikasu. Alamu akapunthwa pa chigawo cha 4, mubwerere poyambira chigawo cha 4, osati pa moni. Kudziwa kokha kuti sadzayambiranso zonse kumachepetsa mantha kwambiri, ndipo wolumikiza vidiyo adzapeza malo abwino odulira. Pamwamba penipeni musiye mizere inayi yopanda kanthu kuti apeze nthawi yoyang'ana kamera moni asanafike. Kumapeto, pambuyo pa "zikomo", muikenso mizere yopanda kanthu ndi langizo lachikasu lakuti "yang'ananibe kamera", aziwerenga mumtima mpaka katatu asanasunthe, chifukwa ambiri akangotha liwu lomaliza amacheukira kwa wojambula kufunsa ngati zatheka, ndipo pamenepo podulira pamasowa.

Mukamaliza kudula, munditumizire fayiloyo limodzi ndi masekondi 20 aja, ndiziona madzulo ano ndikaweruka.